Ndevu Zodikira Mwana

Panyumba pa bambo wina wometa anthu panalibe chuma, koma munthu ukalowa unkapuma bwino. Kutsogolo kunali kachipinda kometera: mpando umodzi wolira ukazungulira, galasi long'aluka pakona, ndi lamba wonolera lumo atapachikidwa pamsomali. Kuseri ndiye kunkakhala banja: bambo, mayi, mnyamata wachisamba ndi mlongo wake.

Bamboyo anali ndi mwambo wakewake. Loweruka lililonse, asanatsegule chitseko, ankakhala pampando wa makasitomala, mwana wake wamwamuna n'kuwameta ndevu. Mwanayo ankayamba wasamba m'manja, n'kufunditsa madzi, n'kunena kuti, "Ndayamba, bambo." Akamaliza ankasinthana, bambo n'kumeta mwana tsitsi.

"Koma bambo, inu ndinu katswiri," anadandaula mnyamatayo tsiku lina. "Bwanji osadzimeta nokha?"

"Ndevu ndi chonamizira chabe," anayankha bambowo. "Mwana sabadwa ndi ulemu ngati mmene amabadwira ndi makutu. Manja amayamba kuuphunzira, mtima umatsatira pambuyo. Ndikakuperekera khosi langa, lumo lili m'manja mwako, ndikuphunzira kukudalira. Iwe ukuphunzira kundisamala."

Ndipo sikuti udindo unali wa ana okha ayi. Tsiku lina bambowo anakalipira mayi pamaso pa makasitomala. Mnyamatayo anadikira anthu achoke, n'kunena chapansipansi kuti, "Bambo, paja pamene paja simunachite bwino." Bambowo anapita kukhitchini kukapepesa. Pobwerako anati, "Mwana woona bambo ake akulowera kudzenje n'kungoti chete, ameneyo si waulemu, ndi wamantha. Ine ndikalephera ubambo, ndilibe pakamwa pofunsira umwana."

Zinthu zinasintha mnyamata atapita kukoleji. Kumeneko anaphunzira za ufulu wachibadwidwe, maphunziro abwino ndithu, ndipo pobwera kutchuthi ankangoti ndime yakuti, gawo lakuti, mpaka makasitomala anamupatsa dzina loti Loya. Vuto silinali maphunzirowo. Vuto linali mnzake wina, Tidyeretu, amene mabuku ankawadziwira pachikuto koma mabala onse a mowa ankawadziwa mpaka kuseri.

"Aise, Loweruka m'mawa ukumathawira kuti?" anafunsa Tidyeretu.

"Kukameta mdala."

Tidyeretu anaseka mpaka kutsamwa. "Amakulipira? Unasainira pati? Kodi unawapempha kuti akubereke? Nthawi ndi yako, thupi ndi lako. Gwira botolo apa, ndevu sizithawa."

Loweruka loyamba Loya anachedwa. Lachiwiri anafika akununkha mowa, bambo ake anamulanda lumo mwakachetechete. Lachitatu anadzuka dzuwa lili pamutu, napeza madzi atazizira m'beseni.

"Palibe lamulo londikakamiza," anatero asanafunsidwe n'komwe. "Ndili ndi ufulu."

"Uli nawo, ndipo ndi chinthu chabwino," anatero bambo ake. "Ukukumbuka mwininyumba atafuna kutiponyera katundu panja popanda chidziwitso? Ndinapita kukhoti, ufulu womwewo unatiteteza. Ndikanakhala bambo wokumenya kapena wokumana sukulu, ukanayenera kuugwiritsa ntchito pa ine. Ufulu ndi mpanda, mwanawe, umatchinga woipa. Koma mpanda sufunditsa munthu. Ufulu umafunsa kuti, changa n'chiti? Udindo umafunsa kuti, ine ndine yani kwa uyu?"

"Zachikale zimenezo. Mumangofuna antchito aulere."

Mayi anagwira pakamwa. "Iwe, amene ukuwayankhawo ndi bambo ako!"

"Ndi munthu, inenso ndine munthu. Tonse ndife ofanana."

Loya analongedza chikwama nasamukira kwa Tidyeretu. Kukoleji anayamba kujomba, mpaka anamuchotsa. Posakhalitsa bambo ake anagwa ali pantchito, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Mlongo wake anamulondola kubala.

"Achimwene, bambo akukufunsani. Kuwatembenuza pabedi ine ndi amayi tikulephera."

Anzake anali kumvetsera, choncho Loya anakweza mawu. "Ine si nesi. Aliyense ali ndi moyo wake."

Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, natembenuka n'kubwerera kunyumba.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku lina Tidyeretu anapeza mkazi, naika chikwama cha Loya pakhonde.

"Aise, ndadwala, ndilowera kuti? Si paja ndife pachibale?" anadandaula Loya.

"Chibale chake chiti? Chipinda ndi changa, ndili ndi ufulu. Suja umatiphunzitsa ndiwe?"

Loya anabwerera kwawo, nsapato itayasama. Poopa manyazi, anakonzeratu mkangano m'njira. Mlongo wake atatsegula chitseko, iye anafulumira kunena kuti, "Ndili ndi ufulu wokhala m'nyumba ya bambo anga."

"Palibe wakana, a Loya. Lowani."

Anali asanamutchulepo choncho. Chipinda chake anachipeza chosesa. Chakudya chake ankamuikira patebulo, chovundikira bwinobwino. Chilichonse chimene akanachimenyera nkhondo anapatsidwa popanda kupempha. Koma panalibe womutuma, panalibe womudzudzula, panalibe womuuza kuti achimwene tagwirani apa. Ankamva mayi ndi mlongo wake akubuula potukula wodwala, iye ali khale ngati mlendo wapa lendi.

Loweruka m'mawa analimba mtima nasuzumira kuchipinda kwa bambo ake. Anabwerera m'mbuyo. Munthu amene moyo wake wonse sanaonekepo ndi kandevu pachibwano anali ndi ndevu zoyera, zopotana, zofika pachifuwa.

"Bwanji osawameta?" anafunsa.

"Tayesa," anatero mayi ake osamuyang'ana. "Mlongo wako akabwera ndi lumo amatembenuzira nkhope kukhoma. Amati malo ali ndi mwini wake."

Loya anapita kukachipinda kometera kuja, mmene tsopano munali fumbi lokhalokha. Ananola lumo palamba, nafunditsa madzi, nasamba m'manja. Anagwada pambali pa bedi.

"Ndayamba, bambo."

Mwina mawuwo ndi amene anawafika, chifukwa nkhalambayo inakweza chibwano pang'onopang'ono n'kupereka khosi. Loya anayamba ndi sizasi, kenaka thovu. Koma manja a mowa sasunga chinsinsi. Lumo linaterereka, kadontho ka magazi kanatuluka pansi pa khutu. Bambowo sanadandaule. Atatha, anadzisisita tsaya ndi dzanja lamoyo lija, namuyang'ana mwaulemu ngati mmene ankayang'anira kasitomala watsopano.

"Zikomo, achimwene," anatero lilime likulemera. "Mwayesetsa. Koma mwana wanga ndiye amatha. Ali kusukulu. Mukamuona mumuuze kuti madzi akuzizira."

"Ndine, bambo. Ndine mwana wanu!"

Bambowo anangomwetulira, maso ali kuchitseko.

Kuyambira tsikulo Loya sanalawenso mowa. Ankawatembenuza bambo ake, kuwasambitsa, ndi kuwameta Loweruka lililonse mpaka tsiku limene anatisiya. Mlongo wake anayambanso kumuti achimwene, mayi ake anayambanso kumukalipira, ndipo iye ankakulandira kukalipako ngati mphatso. Koma bambo ake sanamuzindikirenso. Anapita akumuthokoza ngati mlendo wachifundo, akudikirabe mwana wawo.

Ananu, ufulu wanu muudziwe, ndipo wina akafuna kukuponderezani, kaya ndi kunja kaya ndi m'nyumba momwe, muugwire zolimba. Koma musausandutse chobisalira ulesi. Malo anu m'banja palibe khoti lingakukakamizeni kukhalapo, ndipo palibenso khoti lingakubwezereni nthawi yake ikatha. Pitani madzi akadali ofunda.