Ndidzakudzutsa Usanafike Pansi

Lonjezolo analichita kwa mnzake onse ali anyamata, m'kachipinda ka lendi momwe bedi linali limodzi, bulangete limodzinso. Mnzakeyo ankamutcha Nyani, chifukwa ankaphunzira ntchito yokhoma madenga ndipo ankayenda pa mitanda ngati wobadwira mumtengo. Koma Nyani yemweyo akangoti atseke maso, mwendo unkaponya chidendene, thupi lonse n'kudzidzimuka, iye n'kudzuka akufwathula khoma.

"Ndagwanso, aise. Akuti tsiku limene udzafike pansi m'malotomo, m'mawa amakupeza utazizira."

"Gona iwe. Ukayamba kugwa, ndidzakudzutsa usanafike pansi."

"Lumbira."

Analumbira, uku akuseka. Kuyambira tsiku limenelo Nyani anayamba kumutcha Mlonda.

Dzinalo linamutsata mpaka kunja, kumene anakakhala zaka zoposa makumi awiri. Kumeneko anakhaladi mlonda wa tulo ta anthu. Ankagwira ntchito m'chipatala, m'chigawo choyezera odwala ali m'tulo: kuwamata timawaya m'mutu, m'mbali mwa maso ndi m'miyendo, kenako kukhala usiku wonse akuyang'ana mizere ikuvina pa kompyuta. Chigawocho chitatsekedwa, anabwerera kwawo ndi masutikesi awiri ndi jekete lolemera losayenerana ndi nyengo. Anapeza nyumba ya kanema itasanduka tchalitchi, laibulale yomwe anaphunziramo kukonda mabuku ikugulitsa matayilosi. Achibale anawauza kuti wabwera kutchuthi. Dzina la Nyani sanalitchule kwa munthu, ndipo njira ya pamlatho wa pamwamba pa njanji, yodutsa pakhomo pa mnzakeyo, ankaizemba ngati pali njoka.

Usiku wina anachedwa kwa mlongo wake. Atadya, anatsamira pasofa, maso n'kulemera. Mwadzidzidzi pansi panachoka. Mwendo unamenya tebulo, makapu gwede!

"Alamu, mukumenya mpira ndi ndani?" anafunsa mwamuna wa mlongo wake, akupukuta tiyi pathalauza. "Kapena afiti akunja anakutsatani pa ndege?"

"Palibe mfiti apa," anatero Mlonda. "Munthu akamalowa m'tulo, minofu imamasuka, mpweya umatsika. Mbali ya ubongo yomwe imatisunga maso imapereka ntchito kwa mbali yotigoneka, ngati alonda osinthana pageti. Nthawi zina kusinthanako kumavuta, wotulukayo amakokanso chitseko, minofu n'kugwedezeka kamodzi. Ndiye ubongo sukonda chinthu chopanda nkhani. Thupi lasiya kumva bedi, m'kati mwa khutu momwe timadziwira kumwamba ndi pansi mwasokonekera, basi ubongo umapeka msanga: waphonya sitepe, wagwa. Anthu ambiri, mwina asanu ndi awiri mwa khumi, zinawachitikirapo. Sizipha."

"Nanga inu zikukuchitikirani tsiku ndi tsiku bwanji, achimwene?" anafunsa mlongo wake. "Dzana munagwetsa nyuzipepala. Tchuthi chanucho chikutha liti?"

Mafunso onse awiri anawadumpha. Yankho la loyambalo ankalidziwa bwino kuposa onse m'nyumbamo: kudzidzimuka kumachuluka munthu akamasowa tulo, akamamwa khofi wambiri ndi kusuta, akamagona ndi nkhawa m'chifuwa. Anavala jekete lake n'kutsanzika.

"Maminibasi atha, gonani konkuno."

"Ndiyenda. Miyendo ndili nayo, mwaionera patebulo."

Panjira yaikulu panali agalu ndi anyamata oledzera. Yotsala inali ya pamlatho.

Anadutsa mashopu otsekedwa ndi zitseko zamalata, galaja yonunkha oyilo, sukulu yopanda getsi n'limodzi lomwe. Mapazi ake ankamveka ngati a anthu awiri. Poyenda anakumbukira mafoni. Zaka zoyamba Nyani ankaimba pa Khirisimasi pokha. Kenako anayamba kuimba pakati pa usiku. Mkazi anali kudwaladwala, bwana wa kontrakiti ankafuna denga la nyumba yosanja lithe mvula isanagwe, anyamata awiri anali atathawa ntchito. "Ndikugwa kanayi, kasanu usiku umodzi, Mlonda. Ndipo m'bandakucha kumabwera kugwa kwina, kwakutali. Ndimangotsika, kutsika, manja osatambasuka, kukuwa osamveka."

Mlonda anamufotokozera monga ankafotokozera odwala. Kugwa kwakutaliko, anati, n'kwa tulo ta maloto, tomwe timachuluka kukamacha. Maso amayendayenda m'kati mwa zikope, ubongo uli kalikiliki, koma thupi limakhala lomangidwa dala kuti munthu asachite zomwe akulota. N'chifukwa chake manja sagwira, mawu satuluka. Maloto alibe buku la matanthauzo, koma amatola zomwe mtima wasenza masana, ndipo anthu opanikizika, omwe akuona kuti zinthu zikuwapulumuka m'manja, amalota zoopsa kawirikawiri. "Ena amati n'zotsalira za makolo akalekale ogona m'mitengo, koma umboni palibe. Kwa iwe Nyani mwina n'zoona. Ndipo ofika pansi m'maloto alipo ambiri, amadzuka n'kumwa tiyi. Sizipha. Gona."

Zonsezo zinali zoona. Koma mafoni sanaleke, ndipo Mlonda, wotopa ndi tulo ta azungu, anayamba kuiyang'ana foni ikuwala patebulo mpaka izime yokha.

Anafika pa masitepe a mlatho. Chitsulo chinali chozizira, chonyowa ndi mame. Pansi, kutali, njanji zinkanyezimira ngati mipeni iwiri.

Pakati pa mlatho panali munthu.

Anakhala pamwamba pa chotchingira, miyendo ikulendewera kunja. Ovolosi, chipewa chophimba nkhope, hamala m'lamba. Mutu unkagwa pang'onopang'ono ngati wa munthu wosinza m'basi... kenako thupi lonse dzidzimu! Chitsulo chinalira mlatho wonse.

Mlonda anaima. Kubwerera kunali kutali.

"Pepani bambo, mugwatu pamenepo."

"Ndi nthawi yanji?" Mawuwo anali ouma, ngati otuluka m'paipi.

"Yapita. Tsikani, mukagone kunyumba."

"Kugona ayi. Ndikagona ndimagwa."

Mutu unagwanso. Dzidzimu! Koma manja a munthuyo sanagwire chitsulo. Anali lende m'mbali, ngati omangidwa.

Mlonda anayesa kudutsa cham'mbali. Fungo linamupeza: utoto wa malata, fodya, ndi khofi wozizira wa m'fulasiki.

"Akuti sizipha," anatero munthuyo.

Mlonda anaima pomwepo.

"Akuti ukafika pansi umadzuka n'kumwa tiyi. Ine sindikufika. Ndikungotsika... Maso anali otsegula, ndinkaona msomali, ndinkaona hamala. Kenako sindinaone kanthu."

Mlonda ankachidziwa chinthu chimenecho. Anachionapo kambirimbiri pa kompyuta: ubongo womanidwa tulo umaba tulo wokha, masana dzuwa likuswa mtengo, kamphindi kongokwana kupuma kawiri, maso ali tong'o, mwiniwake osadziwa. Pampando sikanthu. Pa chiwongolero kapena padenga ndi nkhani ina. Zimenezi pafoni paja sanazinene.

Chipewa chinatembenuka pang'onopang'ono. Kunsi kwake kunali mdima wokhawokha.

"Mlonda."

Palibe wina m'dziko lonseli ankamuitana ndi dzinalo.

"Mlonda, wabwera. Ndidzutse, aise. Ungondigwira phewa."

Phewalo linali pafupi, dzanja likanafika. Ovolosi inali yong'ambika pamenepo, yodetsedwa ndi chinthu chakuda chouma. Thupi linayamba kupendekera kunja... pang'ono... pang'ono...

"Ndidzutse!"

Mlonda anathawa.

Masitepe sanawaone. Anagwa, anadzuka, bondo likutuluka magazi. Kumbuyo sikunamveke kugunda kwa chinthu chofika pansi. Ankadikira kuti amve, koma kunali zii.

Nyumba yachitatu kuchokera pamlatho anaizindikira ndi denga lake, lotsetsereka bwino, lomwe Nyani anakhoma yekha asanakwatire. Anamenya chitseko ndi manja onse awiri. Getsi linayaka, katani inasuntha, ndipo patapita nthawi mayi wa imvi anatsegula, atafunda chitenje, mpeni wa kukhitchini uli m'manja. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Alamu? Ndinu? Mwakalambatu."

"Alamu, amuna anu ali pamlatho! Akhala pachotchingira, akusinza, agwa! Dzutsani ana, tengani tochi!"

Mayiyo sanasunthe. Anaika mpeni pawindo.

"Mwawaonanso inu. Oyendetsa sitima anasiya n'kuimba hutala komwe."

"Mukuti chiyani?"

"Amuna anga tinaika kalekale, mwana wathu womaliza asanayambe sukulu. Pano akumeta ndevu. Anagwa padenga la nyumba yosanja ija kuseri kwa njanji, masana, kopanda mphepo, kopanda mvula. Anzawo akuti anangoima ndi hamala m'manja, maso ali otsegula, n'kupendekera ngati thumba. Sabata yonse anali asanagone. Ndinkawauza kuti apume, iwo n'kumati, 'Mlonda wanena kuti sizipha.' Usiku womaliza anakhala apa pakhonde ndi foni mpaka tambala. Ankati, 'Ayankha, ameneyu analumbira.'"

Mlonda anatsamira khoma.

"Ine ndinapitako, alamu," anapitiriza mayiyo, mawu ali pansipansi. "Abusa anapitako. Mwana wawo anapitako. Satiyang'ana n'komwe, amangofunsa nthawi. Akudikira munthu mmodzi." Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi tochi, n'kumupatsa m'manja. "Sikutali. Mwachokera komweko."

Mlonda anatsika pakhonde. Pageti anaima. Kumanzere, pamwamba pa madenga, mlatho unkaoneka wakuda, ndipo chitsulo chake chinalira kamodzi, ngati wina wadzidzimuka. Chinaliranso.

Anaika tochi pamwamba pa geti, ikuyakabe, n'kukhotera kumanja.