Babu Limodzi la Ramla

A Kulusumu sanawerengepo mkamwini wawo ngati munthu. Zubairu ankatchova kabaza pa Nsanama, ndipo pokwatira mwana wawo Fadila anabwera pamudzi ndi njinga, chikwama ndi Ramla, mwana wa mkazi wake woyamba amene anamwalira. Njingayo a Kulusumu anailandira. Mwanayo ankamutchula kuti katundu.

Ramla anali mu Sitandade 8, mayeso ali pakhomo. Masana ankatunga madzi ndi kusinja, madzulo n'kumawerenga ndi katochi kofiira ngati diso la chidakwa. A Kulusumu anali atalamula kale kuti akalephera mayesowo apite kwa abale a mayi ake ku Nselema, kumene amalume ake anali atamuonera kale mwamuna. Fadila ankamva zonsezi n'kukhala chete. Chete wakeyo ankamuchititsa manyazi, koma mayi ndi mayi.

Tsiku limene Zubairu anabwera ndi sola, a Kulusumu anasanduka munthu wina. Amene dzulo lake ankati wakabaza sangagule ngakhale machesi, anali patsogolo kulozera Elliam, mmisiri wa ku Balaka, poti akhome.

Elliam anakwera padenga n'kumangirira galasi la sola kuseri kwa nyumba, litapendekeka kuyang'ana kumpoto. Waya anautsitsira m'nyumba mpaka pa kabokosi kokhala ndi batire. Kuchokera pamenepo anakoka mawaya a mababu atatu, pabalaza, kuchipinda ndi pakhonde, lililonse ndi switchi yake.

"Mumve bwino, mayi," anauza Fadila. "Batire labwera ndi moto wochepa. Lero lisiyeni limwe dzuwa tsiku lonse, osalumikiza foni. Timagetsi tinayi iti tikayaka tonse ndiye kuti lakhuta. Kakatsala kamodzi n'kumaphethira, zimitsani zina, apo ayi kabokosi kazimitsa kokha zonse kuti batire lisafe. Galasilo lisakhale pamthunzi, ngakhale ngodya yokha. Fumbi muzipukuta ndi kansalu konyowa."

A Kulusumu sanamve chilichonse. Anali kale pa mjigo, akuitanira amayi anzawo kuti madzulo adzaone magetsi awo.

Zubairu anabwerera ku siteji ya kabaza, Ramla ali kusukulu, ndipo Fadila anapita kukakolola chimanga. Pakhomo panatsala eni mudzi okha. Kwa a Kulusumu chinthu chodula sichikhala pamtunda. Wailesi yawo imavala nsalu, makina osokera a malemu amuna awo amavala nsalu, ndiye galasi lonyezimira chotere lipsereranji padzuwa, anthu anjiru akulionera? Anatenga chitenje chawo chatsopano, nakwera pamtondo, n'kuliphimba bwinobwino ndi nsungwi. Atatero analowa m'nyumba n'kuyamba kutchaja mafoni a anzawo, ina ikadzaza kulowetsa ina.

Swala ya magharibi, pemphero la madzulo, itatha, khonde linadzaza. Zubairu anakhala patali pansi pa mango, monga achitira mkamwini pamaso pa apongozi. A Kulusumu ndiwo anadina switchi. Kuwala koyera kunagwa pakhonde, amayi n'kululutira, ana n'kumathamangitsa zithunzithunzi zawo pakhoma. Fadila anaona ming'alu ya m'nyumba mwake imene sankaidziwa, naseka yekha.

Ramla sanaseke. Analowa pabalaza mwakachetechete, nayala mabuku pamkeka pansi pa babu. Anatsegula buku n'kulisuntha kutali ndi maso, kenaka kutali pang'ono, akudabwa kuti zilembo zikuonekabe. Fadila anaima n'kumamuyang'ana.

Sipanapite nthawi, kabokosi kanayamba kulira. Kagetsi kamodzi kofiira kankaphethira.

"Wagwira chiyani iwe?" A Kulusumu analowa akukalipira Ramla. "Ndinanena ine. Mwana uyu ali ndi tsoka. Mayi ake anapita, lero walowa m'nyumba ndi timabuku take, magetsi akulira maliro."

"Sindinagwire kanthu, agogo."

"Agogo ako ndani? Agogo ako ali ku Nselema. Mawa lomwe unyamuke."

Anakankha mabuku aja ndi phazi. Ramla anawatola akulira, misozi ikudontha pachikuto. Panja Zubairu anaimirira, nayenda masitepe angapo, n'kuima. Mkamwini sakweza mawu kwa apongozi pamudzi pawo. Anangoyang'ana mkazi wake.

Fadila anagwada pa kabokosi. Anapeza foni ya eni ake ili pa waya, ina ili pambali kudikira. Anaizula. Komabe dzuwa linali litawala tsiku lonse, moto ukanapita kuti? Anatenga tochi ndi nsungwi n'kuzungulira kuseri. Pobwera anali atanyamula chitenje chamaluwa achikasu, chimene mudzi wonse unachiona pa chikondwerero cha Idi.

Anachiyala pakhonde, pansi pa babu, pamaso pa alendo.

"Tsoka lija ndi ili, amayi. Linali padenga."

"Ndimaliteteza," anatero a Kulusumu. "Likanang'aluka ndi dzuwa mukanati chiyani?"

"Chakudya chake ndi dzuwa lomwelo. Mwalimana tsiku lonse, kenaka mwalikama ndi mafoni a anthu. Mwana uyu walakwa chiyani?"

Mayi wina anatsokomola, wina anabisa nkhope mu mpango, mapewa akugwedezeka. Amene analira ndi kuseka kwambiri ndi omwe aja anatchajitsa mafoni, poti anthu a pakhonde la mnzawo alibe chisoni.

"Moto watsala ndi wa babu limodzi," anatero Fadila. "Tikayatsa onse atatu, tonse tikhala mumdima tisanadye n'komwe."

"Ndiye zimitsa m'nyumbamo. Alendo anga ali pano."

Fadila anazimitsa la kuchipinda, kabokosi kakulirabe. Anaima pakati pa maswitchi awiri otsalawo. Chibadwire anali asanakanepo lamulo la mayi ake.

Anadina ya pakhonde. Mdima unagwera alendo ngati bulangete, ndipo kabokosi kanaleka kulira.

"Fadila, ukundichititsa manyazi chifukwa cha mwana wa mkazi mnzako?"

"Iyayi, amayi. Manyazi mwadzichititsa nokha. Ndipo uyu si wa mkazi mnzanga. Amadya m'mbale mwanga, amagona m'nyumba mwanga, ndi mwana wanga. Ku Nselema sapita, akhoze kaya alephere."

"Pamudzi pano ndi panga."

"Ndi panu ndithu. Mukatithamangitsa, sola timasula, ndi mabawuti anayi okha. Alendo anu ali ndi mafoni odzaza, akuunikireni."

Alendo anayamba kutsanzika mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi ndiwo zimene anasiya pamoto. A Kulusumu anatola chitenje chawo, napita kunyumba kwawo akupapasa njira, n'kumenyetsa chitseko mpaka nkhuku zinadzidzimuka m'khola.

Fadila analowa n'kuyalanso mabuku aja pamkeka. Kenaka anakhala pansi pomwepo. Zubairu anaima pakhomo, osadziwa poika manja ake.

"Werenga," anatero Fadila. "Moto wa lero ndi wochepa, usautaye ndi kulira. Mawa likhuta."

Ramla anapukuta maso ndi mkono, napeza tsamba lake. Anawerenga mizere iwiri, kenaka anasendera pang'ono, kusiya malo pamene kuwala kunali kwambiri.

"Amayi," anatero, kumutchula choncho koyamba chibwerere pamudzipo, "sunthirani kuno, mundigwirire bukuli muzindifunsa."

Fadila analekeza sukulu mu Sitandade 3, ndipo mawu ambiri a m'bukumo sakanawatha. Analigwirabe ndi manja awiri.