Sikirini Yotsika Mtengo

Loweruka nthawi ya 8 koloko m'mawa, makasitomala asanu anali pamzere, mafoni osweka ali m'manja, pomwe wokonza mafoni anali gone kuseri kwa kauntala, mutu utaphwanyidwa ndi chitsulo chotenthetsera masikirini. Dokotala anati anamwalira isanakwane 7.

Wapolisi wofufuza, bambo wa imvi wosadziwa kuthamanga, anayamba ndi mkazi wa malemu.

"Anthuwa adzeranji, mayi?"

"Uthenga umene bambo anaika pa intaneti dzulo."

Anamuonetsa kope limene anatumizira mchemwali wake: "Loweruka ndi Lamlungu lokha! Sinthitsani sikirini pa theka la mtengo, mudikire ola limodzi basi." Pansi pake panali zithunzi ziwiri, foni yosweka ndi foni yomweyo itakonzedwa, ikuwala.

Apolisi anali atagwira kale wokonza mafoni wa kutsidya kwa msewu, amene analemba pansi pa uthengawo kuti, "Ukutiphera msika, udzaona."

"Bwana, ndimatanthauza kuti adzaona masikirini ake otchipawo akumatuka," anatero mkuluyo.

Wofufuza anatsegula tsamba la shopuyo. Uthenga unalipo mpaka 7:20, kenako unafufutidwa pa foni ya malemu, yotsegula ndi chala.

"Akufa masiku ano ndi akhama," anatero.

Anakulitsa chithunzi chachiwiri. Wokonza aliyense amayatsa foni kuti ayese sikirini asanaimate, ndipo malemu anajambula pomwepo. Pa sikirinipo panaoneka uthenga wongofika: "Wokondedwa, akazi ako apita liti?"

M'katoni ya masikirini akale, iliyonse inali ndi kapepala ka nambala ya mwini wake. Wofufuza anafananitsa ming'alu ndi chithunzi choyamba mpaka anapeza yake. Anaimba.

Pa 2 koloko, mwini nambalayo, mlangizi wa mabanja, analowa m'chipinda chofunsira mafunso atavala suti.

"Mukundidziwa ine? Ndapulumutsa mabanja mazana atatu."

"Zikomo, akuluakulu. Foni yanu ikuwala bwino."

Wofufuza anaika sikirini yosweka ndi chithunzi patebulo, nayamba kusenda nthochi. Anadya yonse. Mlangizi anamasula tayi.

"Ndinangomupempha kuti achotse," anatero motsitsa mawu. "Mkazi wanga amatsatira tsamba limenelo. Wokonza mafoniyo anaseka, akuti chithunzicho chabweretsa makasitomala, achotsa Lolemba. Chitsulo chinali pafupi."

"Kenako munabwereka chala chake."

Mlangizi anawerama.

"Munavutika chabe," anatero wofufuza. "Anthu makumi anayi anali atagawana kale uthengawo. Tafunsa onse amene tawapeza. Palibe anawerenga za wokondedwa wanuyo. Onse amaona mtengo."

"Ngakhale mkazi wanga?"

"Anali wachitatu pamzere, akuluakulu. Amafuna kukonzetsa yawo."

Wofufuza anatuluka kukamasula wa kutsidya kwa msewu uja.