Manambala Khumi ndi Anayi a Bambo Hezron

Lusungu anakhala pa benchi ya simenti kunja kwa wodi ya amuna, miyendo itatupa. Kuyambira dzulo lake anali asanadye chilichonse cholowa m'mimba, ndipo maso ankamuwawa chifukwa choyang'anitsitsa foni. Mkatimo munagona bambo ake, a Hezron Gondwe, mlimi wa fodya wa ku Katowo. Zilonda zawo za m'mimba zinali zitaphulika, ndipo anataya magazi ambiri.

Dokotala sanabise mawu. Magazi a bambo ake anali a gulu la O negetivu, losowa kwambiri. Botolo limodzi lomwe linali m'firiji anali atawapatsa kale, ena ochokera ku Mzuzu akanafika pakatha masiku awiri, koma opaleshoni sikanadikira kupitirira mawa m'mawa. Pankafunika anthu awiri a gulu lomwelo. Amayi ake, a Flossie, anayezetsa koma sanagwirizane nawo.

Lusungu sanade nkhawa poyamba. Iye si uja anali ndi abwenzi zikwi zinayi ndi mazana awiri pa Fesibuku? Ku sukulu, m'kalasi mwawo mwa Fomu 4, panalibe womuposa. Ankawaseka bambo ake ndi kafoni kawo ka mabatani, komanga ndi mphira, komwe munali manambala khumi ndi anayi okha. Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankagula mayunitsi, n'kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuyimbira anthu atatu kapena anayi. Moni wawo sunkatha msanga. Ankafunsa za ana mmodzimmodzi potchula maina, za bondo lomwe linkavuta, za ng'ombe yomwe inadwala chaka chatha. Lusungu ankati kumeneko n'kuwononga mayunitsi.

Choncho analemba uthenga wake m'mawa, n'kuikapo chithunzi cha bambo ake. Pofika masana anthu mazana atatu anali atadina kuti aukonda. Ndemanga zinalipo makumi asanu ndi atatu. Ambiri analemba kuti akupemphera. Wina anali ku Joni, wina ku Nsanje. Wina anachenjeza anzake kuti masiku ano akuba achuluka, asamangokhulupirira zithunzi za odwala. Mnyamata wina analonjeza kuti akubwera, kenaka anayamba kufunsa ngati Lusungu ali ndi chibwenzi.

Anaona kuti pa zikwi zinayi zija, ambiri uthengawo sunawafike n'komwe, unakwiririka ndi nkhani za mpira. Amene anauona sankamudziwa, ndipo aliyense ankayesa kuti pa gulu lonselo wina apita. Cha m'ma wani koloko bandulo yake inatha, pa geti pasanalowe munthu ndi mmodzi yemwe.

Amayi ake anatuluka mu wodi akukoka miyendo, namupatsira kafoni ka mabatani kaja. Lusungu anayang'ana mayunitsi napeza kuti mulibe okwanira kulankhulira. Ndalama zonse zinali zitathera pa galimoto yomwe inawabweretsa.

"Ingofulasha," anatero amayi ake. "Kalire kamodzi, udule. Yambira a Muriel."

Lusungu anachita manyazi. Kwa iye kufulasha chinali chizolowezi cha anthu opempha, ndipo yekha sankabweza foni kwa aliyense womufulasha. Komabe mphamvu zotsutsa analibe. Anadina dzinalo, kafoni kanalira kamodzi, iye n'kudula.

Asanakaike n'komwe pa benchi, kanayamba kunjenjemera m'manja mwake.

"A Gondwe, kwagwanji? Lero si Lamlungu," anatero mawu a mayi wachikulire.

A Muriel anali namwino wopuma ntchito. Mwamuna wawo atamwalira, a Hezron ndiwo ankapalasa njinga mwezi ndi mwezi kukawaona, anthu ena onse atabalalika. Lusungu atawafotokozera, a Muriel sanafunse umboni uliwonse. Anangofunsa gulu la magazi, nanena kuti pa zaka zawo za ntchito anasunga maina a anthu ochepa a gulu limenelo. Awiri anali pafupi: mphunzitsi wina wa ku Njakwa ndi mayi wina woyanika usipa ku Mlowe. Onsewo a Hezron sankawadziwa, koma a Muriel ankawadziwa bwino, ndipo mawu awo anali okwanira. Vuto linali mayendedwe basi.

Lusungu anafulasha a Manase, mwini pikapu yonyamula katundu pakati pa Katowo ndi ku boma. Nawonso anabweza nthawi yomweyo. Atamva nkhaniyo anangoti akutsitsa matumba omwe anali atakweza kuti akatenge anthu awiri aja, eni katundu adikira. Wachitatu, a Gordon, anali mkulu wa mpingo. Iwo anatumiza mayunitsi, nauza amayi a chigwirizano okhala pafupi ndi chipatala kuti abweretse chakudya. Pa anthu asanu omwe Lusungu anawafulasha, anayi anabweza. Wachisanu anayimba pambuyo pake akupepesa kuti anali kudimba.

Dzuwa likupendeka, pikapu inalowa pa geti itayera ndi fumbi. Mphunzitsi uja anali ndi choko m'malaya, ndipo mayi wa ku Mlowe ankanunkhirabe usipa. Anawayeza magazi kuti atsimikize gulu ndiponso kuti alibe matenda, kenaka aliyense anapereka botolo lake. Amayi ake a Lusungu anagwada pa simenti pomwepo akuthokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, yewo," mpaka mawu anawathera.

Opaleshoni inayenda bwino. Patapita masiku atatu a Hezron anayamba kukhala tsonga, ndipo Lusungu anawafotokozera zonse uku akuwamwetsa phala. Anawafunsa chifukwa chake sankawonjezera manambala ena, poti anthu owadziwa anali ambirimbiri.

"Owadziwa ndi ambiri, inde," anayankha mwapang'onopang'ono. "Koma pa mwezi pali ma Lamlungu anayi okha. Ndikalima munda woposa khasu langa, udzu udzadya wonse."

Lusungu anatuluka panja. Anatenga foni yake yayikulu ija nayamba kutsitsa maina, kufunafuna amene iye akanamufulasha. Maina ankangodutsa, ena sankakumbukira n'komwe kuti anawapeza kuti. Chala chinaima pa Caroline, mnzake wa kuyambira Sitandade 1, amene ankagawana naye chinangwa pa nthawi yopuma. Caroline anasamukira ku sukulu ina chaka chatha. Mchimwene wa Caroline atamwalira mu Febuluwale, Lusungu anangotumiza kachithunzi ka nkhope yolira, ku maliro osapita.

Anamufulasha, n'kuika foni pa ntchafu. Anadikira. Namwino anadutsa ndi ngolo ya mankhwala, anabwereranso. Foni inangoti zii.

Anadzuka napita pa kaokala ka pa geti, nagula mayunitsi ndi ndalama yomwe amayi ake anamupatsa ya mandasi. Sanagule bandulo. Anayimba, ndipo foni inalira nthawi yaitali isanayankhidwe.

"Halo. Ndani?" anafunsa Caroline.

Mawu amenewo anamulasa kuposa kutukwanidwa. Nambala yake inali itafufutidwa, ndipo anadziwa kuti wolakwa si Caroline. Anatsamira chipupa.

"Ndine Lusungu. Usadule, chonde. Sindikupempha kanthu," anatero. "Amama ali bwanji? Nanga ana a achimwene aja, Thumbiko ndi Mtende, akukhala ndi ndani?"

Kumbali inayo kunakhala chete kwa kanthawi ndithu, mayunitsi akudyeka. Lusungu sanadule.