Msuzi wa Aneba

Panali kamtsikana kena kokonda kufunsa. Kunyumba ankamutcha Kamafunso.

Tsiku lina mwalimu wa ku madrasa anamusankha.

"Lachisanu uwakumbutse anzako hadisi imodzi, mawu a Mtumiki," anatero. "Ikhale yonena za aneba."

Kamafunso anakondwa. Koma sankafuna kulakwitsa pamaso pa anzake.

Atafika kunyumba, analemba msangamsanga. Kenako anawerengera bambo ake.

"Mtumiki anati: mnzako akapsa ndevu, m'zimire."

Bambo anagwira ndevu zawo, naseka.

"Mawu abwino, mwanawe. Wawamva kuti?"

"Kwa amayi."

"Umenewo ndi mwambi wa makolo. Si hadisi. Tisamunamizire Mtumiki, ngakhale mawu akome bwanji."

Kamafunso anachita manyazi. Koma mafunso sanathe.

"Nanga hadisi timaidziwa bwanji?"

"Timafunsa. Anamva kwa Mtumiki ndani? Analemba m'buku ndani?"

"Buku lake lili kuti?"

"Kwa atelala, khomo linalo."

Ha! Kamafunso anali asanalowepo kwa atelala. Anapita. Anaodira. Anafunsa.

M'nyumbamo munali makina osokera ndi tizidutswa ta nsalu. Atelala ankakhala okha. Ankatsokomola kwambiri. Komabe anatsitsa buku lalikulu. Anayendetsa chala pa mzere wa Chiarabu, namumasulira.

"Anamva ndani?" anafunsa Kamafunso.

"Abu Dharr, swahaba wa Mtumiki."

"Swahaba ndiye chiyani?"

"Msilamu amene anaonana ndi Mtumiki maso ndi maso."

"Analemba ndani?"

"Imam Muslim. Iyi ndi hadisi yotsimikizika."

Kamafunso analemba zonse. Potuluka anasuzumira kukhitchini. Poto anali wovundikirika. Mbaula inali yozizira.

"Mwadya, atelala?"

"Mafunso akowo!" anaseka atelala.

Lachisanu linafika. Kamafunso anaimirira. Anapereka salamu. Anayamika Allah. Kenako anawerenga.

"Hadisi iyi anaisimba Abu Dharr, Allah asangalale naye. Anailemba Imam Muslim. Tanthauzo lake ndi ili. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anati: Iwe Abu Dharr, ukaphika msuzi, chulukitsa madzi ake, uwakumbukire oyandikana nawo."

Anapuma pang'ono.

"Hadisi yathera pamenepo. Tsopano awa ndi mawu anga. Kodi aneba anu adya lero?"

Mwalimu anagwedeza mutu, akumwetulira.

Kunyumba, amayi ankaphika nyama. Kamafunso anabwera ndi kapu ya madzi. Khuthu, mumphika!

"Mwana iwe! Msuzi wanga!"

"Ndi hadisi, amayi."

"Anaisimba ndani?" anafunsa bambo, akubisa kuseka.

"Abu Dharr!"

"Analemba ndani?"

"Imam Muslim!"

Amayi anawonjezera kamchere. Anatenga mbale yakuya, naidzaza.

Kamafunso anayenda pang'onopang'ono kuti usatayike. Anaodira khomo linalo.

"Wabwera ndi funso lanji lero?" anafunsa atelala.

"Limodzi lokha," anatero Kamafunso. "Supuni muli nayo?"