Malume Obwereka

Ankhoswe anali atangokhala pabalaza kwa mayi Petronela ku Chilomoni pamene chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa a Venansio, mlongo wawo wa a Petronela, thukuta lili kamukamu.

Ethel, mwana wa a Petronela, ankamvetsera kuseri kwa katani. Zonsezi anazipanga yekha. Kwawo ku Thyolo mwini mbumba ndi malume, ndipo mbeta imafunsiridwa kwa iyeyo. Koma bwenzi lake Rafaeli anali wa ku Nsanje, kumene mkazi amalowoledwa ndipo ana amakhala a kuchimuna. A Venansio anali atalumbira kalekale kuti mwana wa mbumba yawo sadzalowoledwa. Poopa kuti asokoneza zinthu, Ethel anakakamiza mayi ake kubwereka a Obed a kutchalitchi kuti akhale malume tsikulo.

"Pitirizani," anatero a Venansio. "Ndamva pamsika ku Bangwe kuti ndinafa, ndiye ndati ndidzaone amene analowa m'malo mwanga."

A Obed anayang'ana nsapato zawo. A Petronela anayamba kulira.

A Nikolasi, bambo ake aang'ono a Rafaeli, anaimirira. "Ndiye tachoka ku Nsanje kudzakambirana ndi munthu wa hayala? Mawa banjali likavuta tidzapita kwa yani? Kwa awa?" Anatulukira pakhonde pamene Rafaeli ankadikira. "Iwe, tiye. Kuno kulibe ukwati." Anamenyetsa chitseko mpaka kalendala anagwa.

Ethel anatuluka kuchipinda nagwada pamaso pa a Venansio. "Amalume, ndine. Amayi anakana, ine ndinaumirira."

"Sukulu yako analipira ndani?"

"Inuyo."

"Utadwala likodzo anakubereka kumsana ndi a Obed?"

 Misozi ya Ethel inkangogwera pasimenti.

Chitseko chinatsegukanso. Rafaeli analowa, nagwada pambali pake.

"Rafaeli, ndati tiye!" anakuwa a Nikolasi ali panja.

"Bambo, sindipita. Nanenso ndinkadziwa, ndipo ndinakhala chete pamene munkapatsa moni a Obed. Ngati mukusiya wabodza, tisiyeni tonse awiri."

Ethel anamuyang'ana. Zinali zoona, koma akanapanda kunena, palibe amene akanadziwa.

A Venansio anakhala pampando, napukuta nkhope ndi chipewa. "Ethel, unkaganiza kuti ndikana mwamunayu? Ndikanakana malowolo. Iwo akanaumirira, ine ndikanakalipa, mwina tikanakumana katatu. Ndiyo ntchito ya ankhoswe imeneyo. Iwe unangofunika kudikira."

"Ndinaopa, amalume."

"Wandichititsa manyazi pamaso pa alendo. Zimenezo sizitha lero."

Anadzuka, natsegula chitseko. A Nikolasi anali akadali pageti, manja kumbuyo.

"Achimwene, ine ndine Venansio, mwini mbumba ino. Za lerozi tizifufute. Loweruka mubwere kwathu ku Bangwe, mudzafunsire bwinobwino. Za malowolo ndikukaniranitu."

A Nikolasi anamuyang'ana Rafaeli, ali chigwadire pafupi ndi mtsikanayo.

"Musakanire pageti," anatero. "Mukakanire kwanu, titakhala pansi."