Kampando ka pa Thebulo la Ba Aunty

Exildah anakumana ndi Killian pa siteji ya basi ku Kabwata, m'zaka zija anthu ankalawirira kukaima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira. Basi itachedwa monga mwa masiku onse, mnyamatayo anavula jekete lake n'kuliyala pamwala kuti mtsikanayo akhalepo. Exildah anali Fomu 4, ndipo chibadwire panalibe amene anamuyalirapo jekete.

"Bwanji, Nyenyezi? Maso yako yanipaya ine," anatero Killian.

Dzina linayambira pomwepo. Killian anali ndi pakamwa pothira shuga. Ankamulembera timapepala n'kumutsekera m'buku la masamu: "Ukasiliza sukulu nizakukwatila, zoona Mulungu." Exildah ankatiwerenga mpaka kung'ambika mopindamo. Akanamulangiza ndani? Bambo ake anamwalira kale, iye ankakhala kwa amalume ake, ndipo mayi ake, a Eness, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, komwe ankagona konko n'kumabwera Lamulungu la kumapeto kwa mwezi.

Tsiku lina Killian anamuyang'anitsitsa n'kunena kuti ndi wokongola ndithu, koma atangowalako pang'ono Lusaka yonse ingaimirire. Anamupatsa kabotolo kopanda dzina ndi sopo wotuwa, ati ndi mphatso yochokera kwa ba aunty ake amene ankagulitsa zodzola kumsika m'tauni. Kenaka anawonjezera mawu amene anamaliza mtsikanayo: ba aunty akufuna kumuona.

Mnyamata wongoseweretsa sakutengera kwa akuluakulu a kwawo, aliyense amadziwa zimenezo. Exildah anavala chitenje, nakagwada popereka moni. Ba aunty anamutcha mpongozi, namukhazika pa kampando kutsogolo kwa thebulo lawo. Loweruka lililonse ankakhala pamenepo, azimayi odutsa akumuyang'ana n'kumanong'onezana ndi ba aunty. Iye ankati akumuonetsa kwa achibale.

Mafutawo anagwiradi ntchito. Poyamba nkhope inkayabwa ndi kusupuka, kenaka inayera. Anzake kusukulu anachita nsanje. Koma mfundo za zala, makutu ndi zigongono zinakana, zinatsala zakuda bii. Akayenda padzuwa masaya ankafiira ndi kuwotcha ngati wawazidwa tsabola. Atayesa kusiya kwa sabata, khungu linada kuposa kale, ziphuphu zinatuluka, ndipo anathamangiranso kabotolo.

A Eness anaona zonse Lamulungu lina akulandira kapu ya tiyi m'manja mwa mwana wawo. Sanafune kumuchititsa manyazi pamaso pa amalume ndi akazi awo. Anangomwa tiyiyo, ndipo mkati mwa sabata kalata inafika.

"Exildah mwana wanga,

Ndaona zala zako. Sindikukalipira, ndikuchita mantha.

Adona amene ndimawagwirira ntchito anayamba choncho ali mtsikana. Anthu amawaona atadzola paudala, ine ndimawaona akangodzuka. Masaya awo ali ndi zigamba zakuda zonkera ku buluu, zokhala ndi timatuza ngati mchenga, ndipo madokotala alephera kuzichotsa. Khungu lawo lapyapyala mpaka mitsempha kuonekera. Akadzicheka pang'ono, chilonda chimatenga mwezi. Mapazi amatupa, ndipo adokotala anati sopo wotuwa uja ali ndi mankhwala amene amalowa m'thupi n'kuwononga impso.

Kuda kwakoku ndi kumene kumakutchinga ku dzuwa. Mafutawo amaletsa khungu kupanga mtundu wake, ndiye dzuwa limakupeza ulibe chofunda. Zikayamba kuda adzakuuza kuti ugule amphamvu. Usalole, amphamvuwo ndi amene amakhomerera zigamba. Ukasiya udzayamba wada kwambiri ndipo anthu adzaseka. Pirira, pita kuchipatala, uzipewa dzuwa.

Tsiku limene unabadwa bambo ako anakunyamula n'kunena kuti wafanana ndi mayi awo, ndipo analira. Nkhope imeneyo sinali ndi cholakwa choti wina akonze. Ngati pali mnyamata amene wakuuza kuti usinthe kaye kuti akukonde, umufunse kuti akufuna ndani, chifukwa iweyo ulipo kale.

Ndine mayi ako."

Exildah analira, kenaka anapsa mtima. Amayi akudziwa chiyani za chikondi? Munthu amene anamutengera kwa ba aunty ake angamufunire zoipa? Anapinda kalatayo n'kuiponya pansi pa sutikesi, ndipo usiku womwewo anadzolanso.

Anapitiriza mpaka mu Fomu 5. Nyengo yotentha itafika, pansi pa maso panayamba mthunzi, kenaka mthunziwo unatsikira m'masaya onse awiri. Paudala sanabise kanthu. Killian anayamba kusowa. Timapepala tinafupika, ndipo komaliza kanangoti asabwere kumsika masiku ano chifukwa ba aunty atanganidwa.

Chikondi n'chouma mutu. Loweruka lotsatira Exildah anamanga duku mpaka m'masaya n'kupita kumsika, kudzera njira ya kumbuyo kwa matebulo kuti asakumane ndi omudziwa. Asanafike anamva mawu a ba aunty.

"Onani uyu mpongozi wanga. Enze wakuda monga malasha, manje onani! Ni aya mafuta yamene aya."

Pa kampando paja panali mtsikana wina, wamng'ono kuposa iye, atavala chitenje, akumwetulira mwamanyazi. Killian anawerama n'kumufunsa mtsikanayo ngati akufuna zakumwa, akumutcha Nyenyezi.

Apa Exildah anazindikira. Ndiye kuti masiku onse a Loweruka aja azimayi aja sankaona mkwatibwi, ankaona katundu wa pathebulo! Anayandikira n'kuitana Killian ndi dzina. Mnyamatayo anadzidzimuka pang'ono chabe, kenaka anamukokera pambali n'kumuuza kuti asabweretse phokoso, makasitomala angathawe akaona nkhope yake.

"Nanga zamene unanilonjeza?" anafunsa Exildah.

"Ni bizinesi chabe, iwe. Si unawala? Ninakunama chani?"

Ba aunty, amene sanalinso kumutcha mpongozi, anatulutsa kabotolo kena pansi pa thebulo. Anati aka n'kamphamvu, kochokera kunja, sabata ziwiri zokha zigamba zonse zitha. Exildah anakalandira. Anakagwira nthawi yaitali, ndipo kunena zoona anakafuna ndi mtima wake wonse, chifukwa Lolemba kunali sukulu ndipo anzake anali atayamba kale kumutcha nkhope ya mbawula. Koma amayi anali atanena kale kuti adzamuuza mawu omwewa. Anakabwezera pathebulo n'kutuluka mumsika osacheuka.

Sanabwerere ku Kabwata. Anakwera basi ya ku Woodlands, kwinako anayenda wapansi mpaka pa geti la ku Kabulonga. Mlonda anakaitana a Eness, amene anatuluka manja ali ndi thovu la sopo.

Exildah anamasula duku yekha. Mayi ake anayang'ana masaya aja mosathamanga, osatchula za kalata ngakhale pang'ono.

"Amayi, zizachoka?"

A Eness sanali munthu wonama, ngakhale kwa mwana amene akulira.

"Zina zizachoka. Zina sinidziwa, mwana wanga."

Linali dzuwa la masana la mwezi wa Okutobala, ndipo pagetipo panalibe mtengo. A Eness anapukuta manja, namasula chitenje chawo, n'kuchitambasula pamwamba pa mutu wa mwana wawo. Anaima choncho, manja ali m'mwamba, mpaka Exildah atamaliza kulira.